Chiwongoladzanja chinakwera, ngongole inalemera, nanga bwanji mitengo sinatsike?

*Ndili ndi sitolo ya malata, simenti ndi misomali. Kumayambiriro kwa 2022 ndinatenga ngongole ku banki, ndipo kuchokera pamenepo ndalama yobweza pamwezi inangokhala ikukwera. Akubanki amati si iwo ayi, koma Banki Yaikulu ndi yomwe imakweza chiwongoladzanja pofuna kuti mitengo ya zinthu isamakwere. Komatu chimanga, sopo ngakhale simenti yomwe ndimagulitsayo zinapitiriza kukwera. Kodi chiwongoladzanja chimenechi chimafika bwanji pa mtengo wa katundu? Kapena amangotilanga chabe? — Bambo wa sitolo, Kasungu*

Bambo, akubankiwo sanakunamizeni, koma anakuuzani theka la nkhani. Chiwongoladzanja cha Banki Yaikulu chimafika pa ngongole yanu msanga, mwezi umodzi usanathe. Pa kagulidwe ka anthu chimafika mochedwa, ndipo pa mitengo ya pamsika chimafika komalizira, chitafooka kale. Kuno kwathu chimafooka kwambiri kuposa m'mayiko ena ambiri, ndipo zifukwa zake ndi zodziwika. Tiyeni tichitsate kuchokera komwe chimayambira.

Chiwongoladzanja cha Banki Yaikulu, chomwe pawailesi amachitcha polise reti, si chiwongoladzanja cha ngongole ya munthu aliyense. Inu ndi ine sitingapite ku Banki Yaikulu, Reserve Bank of Malawi, kukabwereka ndalama. Makasitomala ake ndi mabanki ndi boma. Banki iliyonse ili ndi akaunti kumeneko, ndipo lamulo limaikakamiza kusungako gawo lina la ndalama zomwe anthu anasungitsa. Tsiku lililonse ndalama zimatuluka ndi kulowa: kampani yalipira antchito, wina walipira msonkho, wina watumiza ndalama ku banki ina. Pofika madzulo banki ina imapezeka kuti yatsala ndi zambiri, ina yaperewera. Yoperewerayo imabwereka kwa inzake kwa usiku umodzi. Ikasowa woibwereka, imagogoda ku Banki Yaikulu komweko, n'kupereka zikalata za ngongole za boma ngati chikole. Ngongole ya pakhomo lomalizali amaitcha Lombadi, ndipo m'zaka zomwe mukukambazi mtengo wake unali polise reti kuwonjezerapo 0.2 peresenti. Polise reti itafika 26, Lombadi inali 26.2.

Apa ndi pamene pali mphamvu yonse ya Banki Yaikulu. Banki yomwe yaperewera singavomere kulipira inzake ndalama zoposa zomwe ikanalipira pa Lombadi, ndipo yomwe ili ndi zotsala imadziwa kuti inzakeyo ilibe kwina kotchipa kothawira. Choncho mtengo womwe mabanki amabwerekana okhaokha umayandikira polise reti. Ndalama zikachuluka m'mabanki moti palibe amene akufuna kubwereka, mtengowo umagwa, ndipo Banki Yaikulu imagulitsa zikalata kwa mabankiwo kuti iyamwe ndalama zochulukazo. Ikhozanso kukweza gawo lija lomwe mabanki amakakamizidwa kusunga. Kumayambiriro kwa 2023, pa K100 iliyonse yosungitsidwa m'makwacha banki inkayika pambali K3.75. Pofika kumapeto kwa 2024 inali K10. Ndalama imeneyo singabwereketsedwe kwa inu, ndiye kuti yotsalayo iyenera kupindulira zonse.

Kuchokera pamenepo kufika pa ngongole yanu ndi pafupi. Kuyambira 2019 mabanki a m'Malawi amagwiritsa ntchito chiwerengero chimodzi chotchedwa refarensi reti, chomwe bungwe lawo la Bankers Association of Malawi limawerengetsa mwezi ndi mwezi ndipo mabanki amachilengeza m'nyuzipepala. Amachiphika kuchokera ku Lombadi, mtengo womwe mabanki amabwerekana, chiwongoladzanja cha zikalata za boma ndi chomwe amapatsa osunga ndalama, koma Lombadi ndi yomwe imalemera kuposa zonse. Tengani kalata yomwe munasainira potenga ngongole ija. Ndikukhulupirira mupeza kuti sanalembe nambala imodzi yokhazikika. Analemba kuti mudzalipira refarensi reti kuwonjezerapo kenakake, mwina 5, mwina 6 kapena 8 peresenti. Kowonjezerako n'komwe banki inakuyezerani inuyo: chikole chanu, mbiri yanu yobweza, mtundu wa bizinesi yanu. Kameneko sikasintha. Chomwe chakhala chikuyenda pansi pa mapazi anu ndi refarensi retiyo.

Ndipo inayendadi. Mutatenga ngongole, polise reti inali pa 12 peresenti, pomwe inakhala kuyambira kumapeto kwa 2020. Komiti yoona za ndalama ya Banki Yaikulu, yomwe imakumana kamodzi pa miyezi itatu, inaikweza kufika 14 chaka cha 2022 chisanafike pakati, kenako 18 mu Okutobala chaka chomwecho, 22 mu Epulo 2023, 24 mu Julayi, mpaka 26 mu Febuluwale 2024. Refarensi reti inachoka pa 12 ndi kadontho kufika cha m'ma 25.

Tiyike ndalama pa nambalazi kuti zimveke kulemera kwake. Tiyerekeze kuti mwabwereka K10 miliyoni yobweza pa miyezi 36, ndipo banki inakuwonjezerani 6 peresenti. Refarensi reti ili pa 12, inu muli pa 18, ndipo mwezi uliwonse mumapereka pafupifupi K361,500. Pomaliza zaka zitatuzo mwapereka chiwongoladzanja cha K3 miliyoni. Ngongole yomweyo mutaitenga refarensi reti ili pa 25, muli pa 31 peresenti: pamwezi K430,000, ndipo chiwongoladzanja chonse chimayandikira K5.5 miliyoni. Onani bwino apa. Chiwongoladzanja chatsala pang'ono kuwirikiza, koma yobweza pamwezi yakwera ndi K68,500 yokha, chifukwa mbali yaikulu ya yobwezayo ndi ndalama yomwe munabwereka. N'chifukwa chake anthu ambiri sazindikira msanga kuti ngongole yadula bwanji. Amene ali ndi ovadirafuti, chilolezo chotapa zoposa zomwe zili mu akaunti yawo, ndi amene amamva ululu wonse nthawi yomweyo: akakhala ndi K10 miliyoni ya banki chaka chonse, chiwongoladzanja chimachoka pa K1.8 miliyoni kufika K3.1 miliyoni.

Kwa munthu wa sitolo, kawerengedwe kothandiza ndi ka pamwezi. Pa 18 peresenti, malata a K1 miliyoni ogulidwa ndi ndalama ya banki amadya K15,000 mwezi uliwonse womwe agona m'sitolo. Pa 31 peresenti amadya pafupifupi K26,000. Mukaoda katundu wa K10 miliyoni yemwe amatha pa miyezi inayi, phindu lanu n'kukhala 12 peresenti, mwapeza K1.2 miliyoni. Kale banki inkatengapo K600,000, inu n'kutsala ndi K600,000 ya lendi, mnyamata wonyamula katundu ndi pakhomo. Pa 31 peresenti banki ikutenga K1 miliyoni ndi kupitirira pang'ono. Mukatero mumachita zomwe munthu aliyense wanzeru angachite: mumaoda theka, mumasiya mtundu wa malata omwe amachedwa kutuluka, mumaleka kukongoza makasitomala, ndipo maganizo otsegula sitolo ina ku Chatoloma kapena ku Nkhamenya mumayamba mwawaika pansi.

Ndikuuzeni mosabisa, Bambo: zimenezi si ngozi ya panjira. Ndi cholinga chenicheni. Banki Yaikulu ikakweza chiwongoladzanja imafuna kuti inuyo muode pang'ono. Imafuna kuti mphunzitsi yemwe akanatenga ngongole ya pamalipiro kuti afolere nyumba yake adikire kaye chaka china. Imafuna kuti kampani yomwe ikanagula malole awiri igule imodzi. Wogulitsa pikulitsa ku Lilongwe akaona kuti maoda ochokera ku Kasungu, Mchinji ndi Dowa achepa, katundu wadzaza m'nyumba yosungira ndipo nayenso banki ikumuwerengera masiku, amachita mantha kukweza mtengo. Nthawi zina amatsitsa kumene kuti katundu atuluke. Iyenso amaitanitsa zochepa kunja, ndiye kuti akufuna madola ochepa. Umu ndi momwe chiwongoladzanja chimafikira pa mtengo: sichikhudza thumba la simenti, chimakhudza thumba la wogula, mpaka wogulitsa asowe womukwezera.

Mwina mukuti, ine banki itandikwezera ndinangowonjezera pa mtengo wa malata, ndiye kuti chiwongoladzanjacho chinakweza mitengo m'malo motsitsa. Zimachitikadi, makamaka miyezi yoyamba, ndipo akatswiri a zachuma amazidziwa. Koma kuwonjezera kumeneko kumagwira pokhapokha ogula akadali ndi ndalama. Akakhala kuti nawonso afinyidwa, mumakweza lero, malata n'kugona milungu itatu, kenako mumayamba kuchotsera aliyense wonenerera. Chimapambana ndi chiti pakati pa ziwirizi zimatengera kuti ndalama zikuchepadi m'manja mwa anthu kapena zikulowa kudzera khomo lina. Khomo limenelo tilifika.

Zonsezi zimatenga nthawi. Ngongole yanu imasintha mwezi wotsatira, koma oda yanu imasintha katundu wakale akatha, wopikulitsa amazindikira patapita miyezi ingapo, fakitale imamva pambuyo pake, ndipo malipiro a antchito amakambidwa kamodzi pachaka. M'mayiko omwe njira imeneyi imayenda bwino, mphamvu yonse ya kukweza kumodzi imaoneka patatha chaka mpaka zaka ziwiri. Abale athu okhala ku Britain anazionera pafupi. Banki yaikulu ya kumeneko inachotsa chiwongoladzanja chake pa 0.1 peresenti mu Disembala 2021 n'kuchifikitsa pa 5.25 mu Ogasiti 2023. Kukwera kwa mitengo kunapitirirabe mpaka 11.1 peresenti mu Okutobala 2022, ndipo kunadzafika pa 2 peresenti mu Meyi 2024, mothandizidwanso ndi kutsika kwa mtengo wa gasi ndi magetsi. Kumeneko mabanja mamiliyoni ali ndi ngongole za nyumba, ndipo chiwongoladzanja chikakwera pafupifupi msewu uliwonse umamva.

Kwathu kuno sizili choncho. Ganizirani ngalande ya mthirira yomwe madzi amalowa ambiri kumtunda koma ili ndi ming'alu m'njira, moti kumunda wa kumapeto amangofika odontha. Munda wanu uli pafupi ndi pomwe madzi amalowera, ndiye mwanyowa mokwanira. Mitengo ya pamsika ili kumapeto.

Mng'alu woyamba ndi wakuti anthu obwereka ku banki ndi ochepa. Yendani mumsika wa Kasungu mufunse ogulitsa matemba, kaunjika ndi tomato kuti mpamba anaupeza kuti. Akuuzani za banki nkhonde, za m'bale, za katapila. Gulu la banki nkhonde lomwe limabwereketsa pa 20 peresenti pamwezi silisintha kanthu likamva kuti ku Lilongwe achoka pa 24 kupita pa 26 pachaka. Mlimi wa fodya amawononga ndalama malinga ndi momwe msika wa okushoni wayendera, osati malinga ndi refarensi reti. Choncho katundu yense wa nkhondo yolimbana ndi mitengo amasenzedwa ndi kagulu kochepa: makampani, masitolo ngati yanu, ndi anthu apantchito omwe malipiro awo amadzera ku banki.

Chachiwiri chili kwa osunga ndalama, ndipo sichikambidwa mokwanira. Chiwongoladzanja chokwera chimayenera kukopa munthu kuti asunge m'malo mogula. Koma chomwe mabanki ankapatsa munthu wa akaunti wamba yosungira chinakhalabe cha m'ma 4 peresenti pamene ngongole zinadutsa 30. M'chaka cha 2024 mitengo inakwera ndi pafupifupi 32 peresenti. Pa liwiro limenelo, munthu yemwe anasunga K1 miliyoni m'buku kwa chaka chathunthu anapeza K1,040,000, pamene katundu yemwe akanagula ndi miliyoniyo anali atafika K1,320,000. Anataya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu ya ndalama yake pongoisunga. Munthu wotere safuna digiri kuti azindikire chochita. Amabwera kwa inu kudzagula matumba a simenti ngakhale maziko sanakumbe, amagula njerwa, puloti, mbuzi kapena madola. Mwina munadabwapo kuona makasitomala akugula malata n'kukupemphani kuti muwasungire miyezi isanu. Kumeneko kunali kuthawa kwacha, ndipo kuthawa koteroko kumakweza mitengo.

Apa pali mfundo yomwe ndikufuna muigwire. Kukula kwa chiwongoladzanja sikuyezedwa pachokha, kumayezedwa pochotsapo kukwera kwa mitengo. Polise reti ya 26 pamene mitengo ikukwera ndi 32 kapena 35 ndi yochepera ziro. Mabanki anali kubwerekana ndalama pamtengo wotsika kuposa liwiro lomwe ndalamayo inkatha nalo mphamvu. Ngakhale inuyo pa 31 peresenti, ngati malata omwe munagula ndi ngongoleyo anakwera ndi 30 pachaka ali m'sitolo, ngongoleyo sinali yodula monga imaonekera papepala. Ululu wake unali wakuti banki imafuna ndalama yeniyeni kumapeto kwa mwezi uliwonse, pamene phindu lanu lili m'malata osagulidwa. N'chifukwa chake mabizinesi ena anagwa ali ndi katundu wodzaza. Koma kunena kuti 26 peresenti inali chikwapu chachikulu pa chuma chonse, ine sindivomereza. Inali yaikulu kwa obwereka ochepa, yaing'ono poyerekeza ndi moto womwe inkazimitsa.

Chachitatu ndi chimanga. M'dengu la katundu lomwe ofesi ya boma yowerengera, NSO ya ku Zomba, imayezera mitengo, chakudya chimatenga kupitirira theka, ndipo mtengo wa chimanga umakoka zakudya zina zambiri. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakokolola minda m'chigawo chakumwera. Chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inaumitsa mbewu, mpaka mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Chimanga chikachepa mtengo umakwera, ndipo palibe banja lomwe limaleka kudya nsima chifukwa ngongole za ku banki zadula. M'miyezi yambiri ya 2024 mitengo ya zakudya inkakwera ndi kupitirira 40 peresenti pachaka, pamene ya zinthu zina inali cha m'ma 22. Kusiyana kumeneku kukuuzani komwe moto unali waukulu, ndipo kunali kumene chiwongoladzanja sichifika.

Kenako dola. M'mayiko omwe ndalama zimalowa ndi kutuluka momasuka, chiwongoladzanja chikakwera anthu akunja amabweretsa madola kudzagula zikalata za boma, ndalama ya dzikolo imalimba, ndipo katundu wochokera kunja amatsika mtengo. Njira imeneyi ndi yachangu kuposa zonse, koma kwathu ili ngati yotsekeka. Wakunja salowetsa madola m'dziko lomwe sakudziwa ngati adzawapeza tsiku lofuna kutuluka. Timagula kunja zambiri kuposa zomwe timagulitsa, mafuta, feteleza, mankhwala, zitsulo zopangira malata anuwo, ndipo mtengo wa dola ku banki umasintha mwa kulengeza. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Chinthu cha madola khumi chomwe dzulo chinali K11,800 chinadzuka chili K17,000. Palibe polise reti yomwe ikanaletsa zimenezo. Ndipo poti ambiri oitanitsa katundu sapeza madola okwanira ku banki, amakagula kwa a m'misewu pamtengo wokwera kwambiri, n'kuika mtengo umenewo pa katundu wawo.

Chomwe chiwongoladzanja chingachite pa nthawi ngati imeneyo n'chochepa koma chenicheni. Sichingaletse mafuta kukwera dola ikakwera. Chimayesa kuletsa kuti kukwera kumodziko kusasanduke chizolowezi, pomwe mwininyumba amakweza lendi chifukwa mafuta akwera, wantchito amafuna malipiro atsopano chifukwa lendi yakwera, ndipo aliyense amakwezeratu lero poopa mawa. Anthu akakhulupirira kuti Banki Yaikulu idzaumitsa ndalama mpaka zinthu zikhazikike, amachepetsa kukwezeratu kumeneko. Akaleka kukhulupirira, chilengezo cha komiti chimangokhala nkhani ya pawailesi. Banki Yaikulu imati cholinga chake ndi kufikitsa kukwera kwa mitengo pa 5 peresenti, koma sindikudziwa wamalonda amene ankaika mitengo yake mu 2024 akuganizira nambala imeneyo.

Ndasunga chachikulu kumapeto, ndipo ndi khomo lina lija. Wobwereka wamkulu m'Malawi si inu kapena kampani iliyonse, ndi boma. Sabata ndi sabata limagulitsa zikalata za ngongole za masiku 91, 182 ndi 364, kuwonjezera pa za zaka zingapo. M'chaka cha 2024 za masiku 364 zinkapereka 26 peresenti. Tsopano dziyikeni pampando wa mkulu wa banki m'chaka chimenecho. Mbali ina pali Bambo wa sitolo ku Kasungu, yemwe muyenera kutuma munthu kukaona nyumba ya chikole, kulemba mapepala, kumutsatira mwezi ndi mwezi, ndipo akalephera kubweza mlandu ukatha zaka ku khoti. Mbali ina pali boma, lomwe likupereka 26 peresenti pa mabiliyoni ambiri ndi siginecha imodzi. Kuti akubwerekeni inu, ayenera kukulipiritsani zoposa pamenepo, ndipo nthawi zambiri amangosankha boma. N'chifukwa chake mabanki analengeza phindu lalikulu m'zaka zomwe inu munkavutika.

Vuto lake pa nkhani yathu ndi ili. Inu chiwongoladzanja chikakwera mumabwereka pang'ono. Boma silitero. Malipiro a aphunzitsi, feteleza wotsika mtengo ndi ngongole zakale ziyenera kulipidwa, ndiye limabwerekabe pamtengo uliwonse. Chiwongoladzanja chikakwera, ndalama yomwe liyenera kulipira pa ngongole zake imakula, mpata wa mu bajeti umakula, ndipo limabwerekanso zambiri kuti litseke mpatawo. Ndalama zonsezo limaziwononga, n'kubwerera m'manja mwa anthu ndi m'mabanki. Pamene boma latapa mwachindunji ku Banki Yaikulu, imeneyo ndi ndalama yatsopano yomwe kunalibe. Choncho dzanja limodzi likuyamwa ndalama kudzera mwa inu, dzanja lina likuthira kudzera mu bajeti. M'zaka zimenezi kuchuluka kwa ndalama m'dziko kunapitiriza kukula mofulumira kwambiri ngakhale polise reti inali pamwamba, pamene katundu wopangidwa m'dziko ankakula pang'ono chabe. Ndalama zambiri zikathamangira matumba a chimanga ndi madola omwewo, mtengo ulibe kwina kopita.

Maganizo anga ndi akuti Banki Yaikulu sinalakwe kukweza. Ikanasiya pa 12 peresenti mitengo ikuthamanga pa 30, aliyense wokhoza kubwereka akanathamangira ku banki, n'kukagula madola ndi katundu wosunga, ndipo kwacha ikanagwa koposa. Chomwe chimandipweteka n'chakuti chida chimenechi chinasiyidwa chokha, ndipo mtengo wa kusiyidwako unalipidwa ndi anthu ngati inu, omwe mumalemba ntchito anyamata awiri atatu ndi kulipira msonkho. Simukulangidwa mwadala, koma mukusenza katundu yemwe mbali yake yaikulu inayenera kusenzedwa ndi bajeti ya boma.

Tili nacho chitsanzo chathu cha nthawi yomwe zinthu zinayendera limodzi. Kwacha itamasulidwa mu Meyi 2012, mitengo inakwera ndi kupitirira 20 peresenti pachaka kwa nthawi yaitali, ndipo polise reti inakwezedwa mpaka 27 mu Novembala 2015. Chaka chonse cha 2016 kunali njala ndipo mitengo sinamvere. Kenako zinthu zitatu zinakumana: dola inakhazikika pafupi ndi K725 kwa nthawi yaitali, zokolola za 2017 zinali zabwino moti chimanga chinagwa mtengo, ndipo ndalama zinali zitaumitsidwa kwa zaka zingapo. Pofika Disembala 2017 kukwera kwa mitengo kunali cha m'ma 7 peresenti, ndipo polise reti inatsitsidwa pang'onopang'ono mpaka 16. Palibe angakuuzeni mwandendende gawo lomwe linali la mvula ndi lomwe linali la chiwongoladzanja, koma dziwani kuti mitengo ya zinthu zosadya inatsika liwiro nayonso, ndipo zimenezo mvula yokha sikanachita. Zindikiraninso kuti ngakhale pamenepo mitengo yambiri sinabwerere mmbuyo. Inangochepetsa liwiro. Sopo yemwe wafika pamtengo wina sabwerera pomwe anali. Chomwe Banki Yaikulu imalonjeza n'chakuti chaka chamawa akwere pang'ono, osati atsike.

Mukafuna kudziwa nokha ngati mankhwalawa akugwira, musayang'ane nambala yaikulu ya kukwera kwa mitengo yomwe imalengezedwa mwezi uliwonse, chifukwa imavina ndi nyengo: imatsika pokolola mu Epulo ndi Meyi, n'kukwera m'miyezi ya njala. Yang'anani ya zinthu zosadya, yomwe NSO imaitulutsa payokha. Ikamatsika miyezi itatu inayi motsatizana, chiwongoladzanja chayamba kuluma. Yang'ananinso kusiyana kwa mtengo wa dola ku banki ndi wa mumsewu: kukamakula, dziwani kuti mitengo ya m'sitolo mwanu ikwerabe kaya komiti yanena chiyani. Ndipo nduna ya zachuma ikamawerenga bajeti, mverani ndalama zomwe boma likufuna kubwereka m'dziko momwe muno. Nambala imeneyo imakuuzani zambiri za refarensi reti ya chaka chamawa kuposa zolankhula zonse.

Pa ngongole yanuyo, refarensi reti simungaisinthe, koma kowonjezera kaja n'kokambirana. Ngati mwakhala mukubweza osaphonya, pitani kwa woyang'anira ngongole ndi sitetimenti yanu mukapemphe kuti akuchotsereni ngakhale 1 kapena 2 peresenti. Pa K10 miliyoni, 2 peresenti ndi K200,000 pachaka. Funsaninso ngati pali chindapusa mukabweza msanga, chifukwa ngati palibe, ndalama iliyonse yomwe ikugona m'buku pa 4 peresenti pamene muli ndi ngongole ya 31 ikukutayitsani 27. Ndalama ya banki muziodera katundu wotuluka msanga monga simenti ndi misomali, ndipo wochedwa muzimugula ndi yanu. Tsiku lomwe mudzamve kuti polise reti yatsitsidwa, dikirani chilengezo cha refarensi reti cha mwezi wotsatira, kenako muone sitetimenti. Ngati yobweza pamwezi sinasinthe, funsani ngati afupikitsa miyezi yobwezera m'malo mwake, ndipo akulembereni papepala chiwongoladzanja chatsopanocho ndi tsiku lomwe chayambira.